Sivi ya wolemba mapulogalamu: umanena iyo yakuluma

Mmisiri wa matabwa akafuna kukusonyezani kuti ntchito amaitha, sakhuthula chikwama chake pansi kuti muwerenge masowo, nyundo ndi misomali. Amakutengerani pachitseko chimene anakhoma zaka zisanu zapitazo, n'kukuuzani kuti mutsegule ndi kutseka, muone ngati chikukhula pansi. Koma achinyamata ambiri amene amalemba mapulogalamu a kompyuta, akamafunsira ntchito, amakhuthula chikwama. Pa sivi yawo, chikalata chija chofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo, amandandalika dzina la chida chilichonse chimene anachikhudzapo kuyambira chaka choyamba kukoleji, ngakhale chimene anangochitsegula madzulo amodzi n'kuchisiya magetsi atazima.

Chimene chimawachititsa n'chomveka. Ntchito n'zosowa, ofunsira ndi ambiri, ndipo munthu amaganiza kuti ukonde ukakula sulephera kukola kansomba. Koma ukonde umenewu nthawi zambiri umakola mwini wake.

Tiyerekeze mtsikana amene anamaliza digiri ya zamakompyuta zaka zitatu zapitazo. Si munthu weniweni, ndipo manambala onse a nkhani yake ndi ongoyerekezera, koma aliyense amene anawerengapo makalata ofunsira ntchito yamtunduwu amuzindikira. Waona chilengezo chakuti kampani ina ikufuna wolemba mapulogalamu a kuseri, amene ogwiritsa ntchito sawaona, omwe amalandira zopempha kuchokera pafoni kapena pawebusayiti n'kusunga deta. Chilengezocho chatchula Python, Django ndi PostgreSQL. Pamwamba penipeni pa sivi ya mtsikanayu pali izi:

```
C, C++, Java, JavaScript, PHP, Python, Ruby, Kotlin,
HTML, CSS, Bootstrap, jQuery, AngularJS, React, Django, Laravel,
MySQL, PostgreSQL, MongoDB, Oracle, Docker, Kubernetes, AWS,
Git, Linux, Photoshop, Microsoft Word, Windows
```

Mayina 28. M'munsi mwake, pansi pa mutu wa ntchito zimene wagwirapo, pali kamzere kamodzi kokha: anapanga pulogalamu yoyang'anira fizi pasukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma.

Wowerenga chikalatachi ali ndi funso limodzi: kodi munthu uyu tikamupatsa ntchito ya Django Lolemba, aitha? Mndandandawo sukuyankha. Django, imene mtsikanayu wakhala nayo tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri, yaima mofanana ndi Kubernetes, imene anangoionera vidiyo. Wowerenga alibe njira yosiyanitsira ziwirizi, choncho amachita chimene aliyense angachite: amazikayikira zonse. Amadziwa kuti palibe munthu wa zaka zitatu pantchito amene angazame m'zilankhulo za kompyuta zisanu ndi zitatu. Mayina abodza aja atsitsa mtengo wa mayina oona. Akale anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

Vuto lachiwiri limadikira m'chipinda cha intaviyu. Dzina lililonse lolembedwa pa sivi ndi chilolezo chakuti akufunseni za chinthucho. Ofunsa amakhala akatswiri a zinthu zosiyanasiyana, ndipo aliyense amathamangira chimene amachidziwa bwino. Ngati pakati pawo pali amene amayendetsa maseva, maso ake agwera pa Kubernetes, n'kufunsa kuti pulogalamu ikamangogwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, mtsikanayu amayambira pati kufufuza. Iye akhala chete, kenako avomera kuti sanaigwiritsepo ntchito kwenikweni. Mphindi zisanu zimene akanafotokoza luso lake zapita, ndipo kuyambira pamenepo ofunsawo akumvetsera yankho lililonse ndi khutu lokayika, ngakhale la Django.

Kupeta

Njira yopetera mndandanda ndi yosavuta kuinena, yowawa kuichita. Pa dzina lililonse munthu adzifunse mafunso atatu. Ndinapanga nacho chiyani chimene anthu ena anagwiritsa ntchito? Chinandivutapo pati, ndipo ndinakonza bwanji? N'chifukwa chiyani ndinasankha chimenechi osati china? Amene angayankhe onse atatu, n'kulankhula kwa mphindi khumi osabwereza mawu a m'buku, chidacho ndi chake. Funso lachiwiri ndiye lichero lenileni, chifukwa chida chimene sichinakusautsepo ndiye kuti sunakhale nacho nthawi yaitali.

Mtsikana wathu akapeta motere, zoyamba kuuluka ndi mankhusu: Windows, Microsoft Word ndi Photoshop. Si kuti sazidziwa ayi, koma kuuza kampani ya mapulogalamu kuti umatha Microsoft Word kuli ngati dalaivala wa basi kulemba kuti amatha kuliza hutala. Kenako zikutsatira zimene anangokumana nazo m'kalasi teremu imodzi: C, C++, Java, Ruby, Oracle. Kenako za m'mavidiyo: Kotlin, React, MongoDB, Kubernetes, AWS. HTML, CSS ndi Bootstrap amazidziwadi, koma pa ntchito ya kuseri palibe amene angamulembe chifukwa cha zimenezi, ndipo aliyense akudziwa kale kuti wa Django anazikhudzapo.

Pali mayina ena amene amanena zambiri kuposa zimene mwini wake akufuna. AngularJS inasiya kukonzedwa ndi eni ake kumapeto kwa 2021, monganso Python 2 imene inatsekeredwa pa 1 Januwale 2020. Kuika dzina lotere pamndandanda wa zimene ukudziwa lero kumapereka chithunzi cha munthu amene anaima pamene dziko linapitirira. Koma apa pafunika nzeru, chifukwa chakale sichikhala chachabe nthawi zonse. COBOL inayamba mu 1959, ndipo mpaka pano mabanki ena akuluakulu kunja kuno amayendera mapulogalamu olembedwa m'chilankhulo chimenecho. Kampani ikalengeza kuti ikufuna munthu wosamutsa pulogalamu yakale ya AngularJS kuipititsa ku zatsopano, dzina lomwelo lasanduka golide. Chimene chimalamula ndi ntchito imene ikufunsiridwayo.

PHP, Laravel, MySQL ndi jQuery n'zosiyana ndi zonsezi. Mtsikanayu anazigwiritsadi ntchito miyezi isanu ndi umodzi ali pa maphunziro oyeserera ntchito, koma dzimbiri lagwira. Zimenezi asazitaye, koma azichotse pamwamba n'kuzisiya pamzere wofotokoza ntchito imeneyo, pamene pali chaka chake. Wowerenga akaona chakacho amadziwa yekha kuti ndi luso la kale, ndipo palibe amene wanamizidwa.

Zotsala ndi izi, ndipo wawonjezerapo SQL, chilankhulo chofunsira deta chimene amalemba tsiku lililonse koma anachiiwala pothamangira mayina apamwamba:

```
Python, SQL, JavaScript
Django, PostgreSQL
Git, Docker, Linux
```

Mayina asanu ndi atatu, oyamba ndi amene amawadziwa kwambiri. Asawonjezerepo timizere tija tosonyeza kuti Python amaidziwa 90 peresenti, kapena nyenyezi zinayi mwa zisanu. Peresenti ya chiyani? Palibe sikelo yoyezera zimenezo, ndipo amene wadzipatsa nyenyezi zisanu wangoitana mafunso ovuta kwambiri.

Kamzere kamene kanabisa ntchito yonse

Malo amene apezeka atachotsa mankhusu aja ndi a pulojekiti ya fizi, ndipo apa m'pamene pali nkhani. Titamufunsa mtsikanayu kuti atifotokozere pakamwa, timva zinthu zimene sizinalembedwe paliponse.

Sukuluyo ili ndi ana 640. Makolo ambiri amalipira kudzera pafoni, monga mmene anthu amachitira ndi Airtel Money kapena Mpamba, ena kubanki. Kale teremu ikamayamba, akauntanti ankatha masiku atatu akuyerekezera mauthenga a malipiro ndi kaundula wa ana, dzina ndi dzina, kwinaku makolo ali pamzere panja ndi malisiti m'manja. Pulogalamu ya mtsikanayu imalandira uthenga wa malipiro, n'kuulumikiza ndi nambala ya mwana, ndipo akauntanti amangoyang'ana malipiro ochepa amene sanagwirizane ndi dzina lililonse. Ntchito ya masiku atatu inatsika kufika pa theka la tsiku.

Ndiye panachitika ngozi. M'sabata yoyamba ana ena anaoneka ngati alipira kawiri. Atafufuza anapeza chifukwa chake. Mapulogalamu otumiza uthenga wa malipiro amapangidwa mwadala kuti akapanda kumva yankho lakuti uthenga wafika, atumizenso. Netiweki ikachedwa, seva ya sukulu inkalandira uthenga n'kuulemba, koma yankho lake silinkafika m'nthawi yake, choncho uthenga womwewo unkabweranso n'kulembedwa kachiwiri. Poyamba iye anaika lamulo m'pulogalamu lakuti iziyamba yaona ngati nambala ya malipirowo ilipo kale. Zinachepa koma sizinathe, chifukwa mauthenga awiri akafika pafupifupi nthawi imodzi, onse ankayang'ana, onse n'kupeza kuti palibe, onse n'kulemba. Mankhwala enieni anali kuuza nkhokwe ya deta yeniyeniyo kuti isalole nambala imodzi kulowa kawiri:

```sql
ALTER TABLE payments
  ADD CONSTRAINT payments_txn_id_key UNIQUE (txn_id);
```

Asanaike lamuloli anayenera kuyamba wachotsa malipiro obwereza amene analowa kale, chifukwa PostgreSQL imakana kuika lamulo lotere pamene deta ikuliphwanya. Anakonzanso pulogalamuyo kuti uthenga wobwereza ukakanidwa, iziyankhabe wotumizayo kuti zafika, kuopa kuti angamangotumizabe.

Munthu aliyense wodziwa ntchitoyi akamva nkhani imeneyi amatchera khutu. Vuto la uthenga wobwera kawiri limapezeka paliponse pamene mapulogalamu amagwira ndalama, ku Lilongwe kapena ku London, ndipo amene analimbana nalo n'kumvetsa chifukwa chake njira yoyamba inalephera ndi munthu wofunika kuposa wodziwa mayina 28. Koma zonsezi zinabisala m'kamzere kakuti "ndinapanga pulogalamu yoyang'anira fizi".

Sivi yeniyeni imalembedwa m'Chingerezi nthawi zambiri, koma kamangidwe ka ganizo n'kamodzi. Laszlo Bock, amene anakhalapo mkulu woona za antchito ku Google, ankalangiza kuti mzere uliwonse unene zinthu zitatu: chimene unakwaniritsa, muyeso wake, ndi njira imene unatsata. Potsatira zimenezo, pulojekitiyi ikhala ndi mutu wonena dzina lake, zaka zake, ndiponso kuti iye anali yekha wolemba pulogalamuyo. Mzere woyamba unena kuti anamanga ndi Django ndi PostgreSQL pulogalamu yolumikiza malipiro a pafoni ndi kaundula wa ana 640, imene inatsitsa ntchito ya akauntanti kuchoka pa masiku atatu kufika pa theka la tsiku. Wachiwiri unena kuti anathetsa kulembedwa kawiri kwa malipiro poika lamulo la `UNIQUE` pa nambala ya malipiro ndi kukonza mmene seva imayankhira uthenga wobwereza. Wachitatu unena kuti anaika pulogalamuyo pa seva ya Linux pogwiritsa ntchito Docker, n'kukonza kuti deta izikoperedwa kwina usiku uliwonse, ndipo anayesa kuibwezeretsa kuti atsimikize kuti zokoperazo zimagwiradi ntchito.

Onani kuti Django, PostgreSQL, Linux ndi Docker zatchulidwanso, koma tsopano chilichonse chili ndi katundu pamutu. Wowerenga sakufunikanso kukhulupirira mawu a mwini wake okha, chifukwa akuona chimene chidacho chinachita. Ndipo mafunso a intaviyu asankhidwiratu: ofunsa adzalunjika pa nkhani ya malipiro obwereza, imene mtsikanayu angaifotokoze ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku.

Za manambala pafunika chenjezo. Amakometsa mzere, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu ayamba kuwapeka. Mumaona wina atalemba kuti anawonjezera liwiro la pulogalamu ndi 73 peresenti, koma mukafunsa kuti anayeza bwanji, zii. Nambala yabwino ndi imene mwini wake angafotokoze kumene anaitenga: ana 640 ali m'kaundula, masiku atatu akauntanti angachitire umboni. Ngati palibe chimene chinayezedwa, kunena kukula kwa ntchitoyo n'kokwanira: anthu angati amaigwiritsa ntchito, yakhala ikuyenda miyezi ingati. Chimodzimodzi ndi ntchito ya pagulu. Ngati munali anthu asanu, nenani kuti munali asanu, n'kutchula gawo limene linali lanu. Mawu akuti "tinapanga" amabisa munthu, ndipo akuti "ndinapanga" pa ntchito ya anthu asanu amagwidwa ndi funso lachiwiri lokha.

Mapulojekiti awiri kapena atatu ofotokozedwa motere akwana. Amene sanalembedwepo ntchito asadandaule kuti alibe chonena. Kapulogalamu kowerengera ngongole ndi chiwongoladzanja ka banki m'khonde ya amayi ake, ngati gululo likukagwiritsadi ntchito, kali ndi mphamvu kuposa mapulojekiti khumi okopera mphunzitsi wa pa YouTube. Olemba ntchito amawazindikira msanga okoperawo, chifukwa amafanana ngati mabuledi a mu uvuni umodzi: kapulogalamu ka mndandanda wa zochita, ka zanyengo, kasitolo kopanda wogula. Chimene chimasowa mmenemo ndi anthu enieni, amene amalemba dzina la mwana molakwika, amalipira theka, kapena amadina batani kawiri.

Nanga makina aja osefa makalata?

Apa m'pamene ambiri amatsutsa. Amati makampani akuluakulu, makamaka akunja kumene achinyamata athu amafunsira ntchito zogwirira pa intaneti, amalandira makalata kudzera m'mapulogalamu monga Workday, Greenhouse ndi Lever, ndipo sivi yopanda mawu oyenera siifika pamaso pa munthu. Muli choonadi mmenemo. Mapulogalamuwa amawerenga mawu a m'chikalata n'kuwasunga, ndipo wolemba ntchito angathe kusaka onse amene atchula Django. Koma taonani chimene akusaka: mawu a m'chilengezo chake. Sakusaka Photoshop. Ndipo dzina likapezeka m'kati mwa mzere wofotokoza pulojekiti, lapezeka basi, silifunika mndandanda wautali kuti lioneke.

Chofunika ndi kulemba dzina mmene lalembedwera m'chilengezo. Ngati alemba PostgreSQL, inunso lembani choncho, osati Postgres, ngakhale kuti n'chimodzi. Ndipo Java si JavaScript: zonse zinatuluka mu 1995 ndipo mayina akufanana, koma ndi zilankhulo ziwiri zosiyana, choncho wodziwa chimodzi asadziwerengere chinacho. Chinanso ndi maonekedwe a chikalata. Sivi ya mizati iwiri, zithunzi ndi timabokosi imakongola m'maso, koma pulogalamu yowerenga ingasakanize mizere yake, ndipo mawu olembedwa m'chithunzi ingalephere kuwaona n'komwe. Kuyesa n'kosavuta: tsegulani PDF yanu, sankhani mawu onse, koperani, n'kuwamata mu Notepad. Zimene zatulukazo zikufanana ndi zimene makina adzaone. Ngati zasokonekera, chikalatacho chikonzedwe, chikhale cha mzati umodzi.

Olemba zilengezo nawonso ali ndi matenda omwewa a kukhuthula chikwama. Mu 2020 Sebastián Ramírez, amene anapanga FastAPI, ananena poyera kuti anaona chilengezo chofuna munthu wa zaka zoposa zinayi akugwiritsa ntchito FastAPI, pamene iye mwini anali nayo chaka chimodzi ndi theka chokha, chifukwa ndi nthawi imene inali itapita chiipangireni. Choncho chilengezo chikatchula zida khumi ndi ziwiri, kawirikawiri zofunikadi zimakhala zitatu kapena zinayi, zimene zili m'dzina la ntchitoyo ndi m'mizere yoyamba. Wodziwa bwino zimenezo afunsire, osadzaza zotsalazo ndi bodza. Ngati amadziwa MySQL pamene akufuna PostgreSQL, alembe MySQL yomweyo. Wodziwa ntchito aona kuti mtunda wake ndi waufupi.

Pali malo amodzi pamene mndandanda wautali umafunikadi. Makampani ena obwereketsa akatswiri, ndi mabungwe amene amapikisana pa matenda a ntchito zikuluzikulu, amapempha fomu yosonyeza chida chilichonse, zaka zimene munachigwiritsa ntchito ndi chaka chomaliza. Pa chifukwa chimenechi n'kwanzeru kusunga chikalata chanuchanu chachitali, cholembamo pulojekiti iliyonse ikangotha, manambala ake musanawaiwale. Chimenecho ndi nkhokwe. Sivi yotumiza ndi nsengwa imene mwatapira zofunika pa ulendo umenewo, tsamba limodzi kwa wa zaka zochepa pantchito, awiri kwa amene wakhalitsa. Malo akachepa, zoyamba kuchotsa ndi zija tinazolowera kwathu kuno: chipembedzo, mudzi ndi mfumu yaikulu, ngati uli pabanja. Makampani a ku Britain ndi America sayembekezera zimenezi, ngakhale tsiku lobadwa ndi chithunzi, chifukwa malamulo awo amaletsa kusankha antchito potengera zinthu monga zaka ndi chipembedzo.

Chitseko chija

Mmisiri wa matabwa anali ndi chitseko choti mukachigwire. Wolemba mapulogalamu ali ndi linki, kawirikawiri ya ku GitHub, kumene khodi yake imasungidwa. GitHub imalola munthu kukhomerera pamwamba pa tsamba lake zinthu zosapitirira zisanu ndi chimodzi, ndipo lamulo la kupeta ligwirenso ntchito pamenepo: zikhale zomwe zatchulidwa pa sivi, chilichonse chili ndi `README` yonena kuti pulogalamuyo imachita chiyani ndipo munthu angaiyendetse bwanji pakompyuta yake. Linki yofikitsa munthu pa tsamba lopanda kanthu, kapena lodzaza ndi makope a ntchito za ena amene sanasinthidwe ngakhale mzere umodzi, ndi bwino kungoisiya.

Mtsikana wathu ali ndi vuto pano, chifukwa khodi ya pulogalamu ya fizi mwina ndi ya sukulu, malinga ndi mmene anagwirizanirana, ndipo deta yake muli mayina a ana ndi manambala a foni a makolo. Zimenezo siziyenera kutuluka. Chimene angachite ndi kulemba kapulojekiti kakang'ono kapadera kosonyeza njira yomweyo yolandirira uthenga wobwereza, kokhala ndi mayina opeka ndi mayeso ake, n'kunena pa sivi kuti khodi yeniyeniyo ndi yachinsinsi koma angaifotokoze pakamwa. Asanaike chilichonse poyera ayang'anenso kuti fayilo ya `.env`, mmene mumakhala mapasiwedi ndi makiyi olumikizira ku malipiro, sinalowe nawo. Git imakumbukira mbiri yonse, choncho kufufuta fayiloyo lero sikuichotsa m'zosungidwa za dzulo. Kiyi imene yaonekapo poyera ngakhale kwa ola limodzi iyenera kuthetsedwa n'kupempha ina, ndipo wolemba ntchito amene angaipeze m'mbiri ya pulojekiti yokhudza ndalama za makolo sawerenganso mizere itatu yokongola ija.